Matiredi asanu, beti imodzi

Lachinayi pa 10 Novembala 2022, nthawi itangokwana 3:30 masana ku Lilongwe, ofesi ya boma la America yotchedwa Bureau of Labor Statistics inatulutsa nambala imodzi. Inati m'mwezi wa Okutobala mitengo ya zinthu m'dzikolo inali itakwera ndi 7.7 peresenti poyerekeza ndi chaka cham'mbuyo. Amalonda ankayembekezera nambala yoyandikira 8. Kusiyanako kunali kochepa, koma msika unamva zina: unamva kuti Federal Reserve, banki yaikulu ya America, yomwe inali itakweza chiwongoladzanja ndi 0.75 peresenti kanayi motsatizana, iyamba kufewa. Pofika usiku yuro inali itakwera pafupifupi 2 peresenti poyerekeza ndi dola. Paundi ndi dola ya Australia zinakwera pafupifupi 3 peresenti, mtengo wa golide chimodzimodzi, ndipo USD/JPY inatsika kuchoka pa 146 kufika cha pa 141.

Tsiku limeneli ndi loyenera kuti wachinyamata aliyense amene amagula ndi kugulitsa ndalama pafoni alidziwe bwino, kaya ali ku Ndirande, ku Chipata kapena ku Johannesburg, chifukwa limaonetsa poyera msampha umene umakola ana osamala. Osasamala amakodwa ndi zina.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Mnyamata ali ndi madola 1,000 mu akaunti yake. Si wopupuluma. Anaphunzira kuti pa tiredi imodzi asamaike pachiswe ndalama zopitirira 1 peresenti, ndiye kuti madola 10, ndipo lamuloli amalisunga. Amaika sitopu losi nthawi zonse. M'mawa wa Lachinayi lija watsegula MetaTrader, wayang'ana matchati. Chaka chonse dola yakhala ikukwera: yuro inafika pochepa mphamvu kuposa dola imodzi, paundi inatsikira cha pa 1.035 mu Seputembala, yeni inayandikira 152 mu Okutobala. Masiku apitawa dola yabwererako pang'ono, ndipo iye akuona ngati mpata wolowera ndi umenewu. Wagulitsa EUR/USD. Waona GBP/USD ikuoneka mofanana, wagulitsanso. AUD/USD nayo yakoma, wagulitsa. Wagula USD/JPY. Pomaliza wagulitsa golide, XAU/USD, kuti asakhale pa ndalama zokhazokha. Pafoni pali mizere isanu, uliwonse ndi sitopu yake ya madola 10. Mumtima akuti wamwaza bwino ndalama zake: ikagwa ina, ina idzadzuka.

Pasanathe nthawi yaitali nambala ija itatuluka, masitopu onse asanu agundidwa. Madola 50 apita, mwinanso kupitirirapo, chifukwa pa mphindi zotere mtengo umadumpha ndipo sitopu imatsekera pamene yapeza wogula, osati pamene mwini wake anaiika.

Mnyamatayu sanaphonye kasanu ayi. Anaphonya kamodzi, koma analipira kasanu. Kugulitsa EUR/USD ndiko kugulitsa yuro ndi kugula dola. Kugulitsa GBP/USD ndiko kugula dola. AUD/USD chimodzimodzi. Kugula USD/JPY ndiko kugulanso dola, ngakhale batani limene anadina ndi la Buy pomwe enawo anadina Sell. Golide naye mtengo wake umalembedwa m'madola, ndipo kawirikawiri dola ndi chiwongoladzanja cha ku America zikatsika iye amakwera. Mizere isanu ija inkanena mawu amodzi okha: dola ikwera. Ali ngati mlimi amene akunyadira kuti ali ndi minda isanu pamene yonse ili m'dambo limodzi; mtsinje ukasefukira suwerenga malire a minda.

Pa msika wa ndalama zakunja msamphawu ndi wovuta kuuzemba, chifukwa dola ili paliponse. Kafukufuku wa Bank for International Settlements wa 2022 anapeza kuti dola ya America inali mbali imodzi ya malonda 88 pa 100 alionse a pamsikawu. Munthu akangosankha mapeya asanu odziwika mwachisawawa, kawirikawiri amakhala wasankha dola kasanu osadziwa.

Chimene chimasintha matiredi akamayendera limodzi chimaoneka bwino ndi masamu a kusukulu. Ngati tiredi iliyonse ili ndi mwayi wa theka wopambana ndi theka wolephera, ndipo zonse zisanu sizikhudzana, mwayi woti zonse zilephere tsiku limodzi ndi umodzi pa 32. Zimachitika, koma mwa apo ndi apo. Ngati zisanuzo zimangidwa pa chinthu chimodzi, mwayi woti zonse zilephere pamodzi ndi umodzi pa 2. Tsoka limene mwini wake ankaganiza kuti lidzabwera kamodzi pa maulendo 32 limabwera kamodzi pa maulendo awiri alionse. Ndipo kulephera kanayi motsatizana, komwe ndi chinthu wamba kwa aliyense wochita malondawa, kumamudyera pafupifupi 4 peresenti munthu wa tiredi imodziimodzi, koma wa mitolo ya zisanu kumamudyera 18.5 peresenti. Amene wataya gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama zake amafunika kupindula 25 peresenti kuti angobwerera pamene anayambira.

Choipa china n'chakuti mtolo wotere ukapambana umapambananso wonse. Mwana amaona mizere isanu yabuluu, n'kumadziyesa katswiri amene walondola kasanu. Chithunzi cha foni chimapita pa WhatsApp, anzake amamuwombera m'manja, ndipo sabata yotsatira amatsegula isanu ndi iwiri. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Magulu ogawa masiginolo amawonjezera vutoli, chifukwa wotumiza siginolo akakhulupirira kuti dola ikwera amatumiza mapeya onse amene akugwirizana ndi maganizo akewo, ndipo wolandira amawatenga ngati malangizo osiyana.

Mankhwala oyamba safuna kompyuta. Amafuna kope ndi cholembera. Asanatsegule tiredi yatsopano, munthu agawe peya iliyonse imene ali nayo m'zigawo ziwiri, chimene wagula ndi chimene wagulitsa, kenaka awerenge kuti ndalama iliyonse yatuluka kangati ndiponso mbali iti. Mnyamata uja akanalemba, tsamba lake likanaonetsa kuti yuro wagulitsa kamodzi, paundi kamodzi, dola ya Australia kamodzi, yeni kamodzi, golide kamodzi, koma dola ya America wagula kasanu. Pafupi ndi dzina lililonse alembe madola amene angataye masitopu akagundidwa. Pa dola pakanalembedwa 50. Nambala imeneyo ndiyo kukula kwenikweni kwa beti yake, osati 10 imene ili pa mzere uliwonse.

Kuwerenga kotereku kumaululanso zinthu ziwiri zimene zimapusitsa ambiri. Choyamba, matchati oyenda mosemphana sateteza munthu ngati iye wawagwira mosemphananso. EUR/USD ndi USD/CHF kawirikawiri zimayenda motsutsana, ina ikakwera ina imatsika. Amene wagulitsa yoyamba n'kugula yachiwiri angaganize kuti wadzitchinjiriza, popeza kwina wagula, kwina wagulitsa, koma kopelo limuuza kuti wagula dola kawiri. Chachiwiri, nthawi zina dola imafafanizika yokha n'kusiya beti ina imene mwini wake sanaiganizire. Amene wagulitsa EUR/USD n'kugula GBP/USD mofanana kukula, dola watsala alibe. Chimene wagwira ndi beti yoti yuro itsika poyerekeza ndi paundi, ndiye kuti wagulitsa EUR/GBP, koma walipira buloka sipuredi kawiri.

Kope likaonetsa mitolo, chotsatira ndi kuika malire pa mtolo uliwonse. Nzeru imeneyi si yatsopano. Chakumapeto kwa 1983, wamalonda wa ku Chicago Richard Dennis ndi mnzake William Eckhardt anasonkhanitsa kagulu ka anthu, ambiri mwa iwo osadziwa zambiri za msika, n'kuwaphunzitsa kwa masabata awiri asanawapatse ndalama zoti achitire malonda. Gululi linatchuka ndi dzina loti Turtles, ndipo malamulo awo anadzasindikizidwa patapita zaka. Anthu ambiri amakonda kuwerenga mbali yonena za nthawi yolowera pamsika, n'kudumpha mbali imene inkasunga ndalama za Dennis. Aliyense ankayeza kukula kwa tiredi ndi muyeso wotchedwa yuniti, womwe unkachepa msika ukakhala wolumphalumpha n'kukula msika ukakhala wodekha. Pa msika umodzi sankaloledwa kupitirira mayuniti 4. Pa misika yoyendera limodzi kwambiri, monga golide ndi siliva, mafuta osayenga ndi mafuta otenthetsera nyumba, kapena faranki ya Switzerland ndi maki ya Germany, malire anali mayuniti 6 mbali imodzi. Pa misika yoyendera limodzi pang'ono, monga golide ndi kopa, anali 10. Ndipo mbali imodzi, kaya kugula kapena kugulitsa, pamisika yonse pamodzi, anali 12.

Chofunika kuona apa ndi 6 uja. Munthu akadzaza golide ndi mayuniti 4, pa siliva ankangotsala ndi 2, ngakhale tchati cha siliva chikome chotani. Nambala zenizenizo wachinyamata asazikopere. Yuniti imodzi ya Turtles inkaika pachiswe pafupifupi 2 peresenti ya akaunti, choncho malire awo anali otakasuka kwambiri, oyenera munthu wosewera ndi ndalama za mpondamatiki amene wavomereza kale kutsika kwakukulu. Chotengapo ndi kamangidwe kake: malire a tiredi imodzi, malire a banja limodzi la matiredi, ndi malire a zonse zotseguka pamodzi.

Kwa mnyamata wa madola 1,000 uja, malire oyenera angakhale otere: 1 peresenti pa tiredi, 2 peresenti pa mtolo, ndi 4 kapena 5 peresenti pa zonse zimene zili zotseguka nthawi imodzi. Si nambala zopatulika, wina angazichepetse, koma ziyenera kulembedwa msika usanatenthe. Ndi malire amenewa, maganizo ake oti dola ikwera ali ndi thumba la madola 20 basi. Angathe kusankha mapeya awiri, lililonse madola 10, kapena kugawa madola 20 aja pa onse asanu, lililonse madola 4.

Njira yachiwiriyi imamveka bwino pakamwa, koma pa akaunti yaing'ono imagunda khoma. Pa EUR/USD, loti ya 0.01 ndi mayuro 1,000, ndipo pipsi imodzi, kusuntha kwa 0.0001 pa mtengo, imakwana masenti 10 a dola. Sitopu ikakhala mapipsi 50 kuchoka polowera, loti ya 0.02 imaika pachiswe madola 10 ndendende. Kuti pachiswe pakhale madola 4 pafunika loti ya 0.008, pomwe mabuloka ambiri salola kutsika pansi pa 0.01. Loti yochepetsetsayo pa sitopu yomweyo ndi madola 5, ndipo isanu yotere ndi madola 25, malire adutsidwa kale, tisanawerenge kuti paundi ndi golide zimalumpha kwambiri moti zimafuna sitopu yotalikirapo. Apa ena amachita chinyengo chodzinamiza okha: amafupikitsa sitopu kuti masamu akwane. Sitopu ya mapipsi 20 pa peya imene imayenda mapipsi 80 pa tsiku imagundidwa ndi kugwedezeka wamba, dola isanasankhe n'komwe kolowera. Ndiye kwa akaunti yaing'ono yankho loona ndi loyamba lija: asankhe awiri, enawo awaonerere.

Posankha awiriwo, asatenge ofanana kwambiri. Yuro ndi paundi ndi ndalama za maiko oyandikana, ndipo zimamva nkhani zambiri limodzi. Ngati munthu akukhulupiriradi dola, kutenga EUR/USD ndi USD/JPY kumamusiyira beti imodzi pa dola koma mbali inayo yagawikana pakati pa Ulaya ndi Japan. Pa 10 Novembala paja akanatayabe, zimenezo n'zosabisa. Koma akanataya madola 20, osati 50, ndipo Lachisanu akanadzuka mutu uli m'malo.

Nanga tiredi yachitatu ikaoneka yokoma kuposa ziwiri zoyambazo? Ilowe pokhapokha malo atapezeka. Malo amapezeka munthu akatseka imodzi, kapena yoyamba ikayenda bwino mpaka sitopu yake yasunthidwira pamene analowera, moti ikagundidwa sataya kanthu. Ngakhale apo pafunika kusamala madzulo a nkhani yaikulu kapena Lachisanu msika ukamatsekedwa, chifukwa sitopu ya polowera imateteza pa msika woyenda pang'onopang'ono, osati pa msika wodumpha. Pa 15 Januwale 2015, banki yaikulu ya Switzerland itasiya mwadzidzidzi kugwira yuro pa mafaranki 1.20, mtengo unadumpha masitopu osaima, makasitomala a FXCM anatsala ndi ngongole ya pafupifupi madola 225 miliyoni kwa buloka wawoyo, ndipo kampani ya Alpari ya ku Britain inagwa. Amene anali atagulitsa faranki m'mapeya atatu analandira chikwapu chimenecho katatu.

Amene ali ndi Excel kapena Google Sheets angathe kupima kuyendera limodziku ndi nambala. Aike mitengo yotsekera ya masiku 61 apitawa ya mapeya awiri, awerengere kusintha kwa tsiku lililonse m'maperesenti, kwa peya yoyamba mu B2 mpaka B61 ndi kwa yachiwiri mu C2 mpaka C61, kenaka alembe:

```
=CORREL(B2:B61, C2:C61)
```

Yankho limakhala pakati pa -1 ndi 1. Likayandikira 1, awiriwo amayenda limodzi. Likayandikira -1, amayenda mosemphana. Likakhala pafupi ndi 0, sagwirizana kwenikweni. Ambiri amatenga 0.7 kupita m'mwamba ngati chizindikiro choti awiriwo awerengedwe ngati banja limodzi, ndipo -0.7 kupita pansi ndi banja limodzinso kwa amene wagula kwina n'kugulitsa kwina. Cholakwika chofala ndi kuika mitengo yeniyeniyo m'malo mwa kusintha kwake. Zinthu ziwiri zilizonse zimene zakwera m'miyezi itatu yomweyo zimaoneka ngati zapachibale zikapimidwa ndi mitengo, ngakhale zilibe ubale uliwonse.

Nambalayi ikapezeka, pali kasamu kamene kamauza munthu kuti matiredi ake ofanana kukula akulingana ndi mabeti angati odziimira paokha. Kwa matiredi asanu amene koreleshoni yawo ndi 0.8:

```
5 / (1 + 4 * 0.8) = 1.19
```

Asanu aja ndi beti imodzi ndi kachidutswa. Ngakhale koreleshoni itatsika kufika pa 0.2, yankho ndi 2.8, osafika atatu.

Koma apa ndi pamene wamkulu ayenera kuchenjeza mwana amene wakonda masamu. Nambala ya `CORREL` imanena za masiku 60 amene apita, omwe mwina anali abata. Tsiku la chipwirikiti, limene malire anaikidwira, nambalazo zimasintha, ndipo zimasinthira koipa: zinthu zimene zinkayenda payekhapayekha zimayamba kugwera limodzi. Komanso pali mabanja amene kope la ndalama lija silingawaone, chifukwa mayina awo safanana. Wina wagula AUD/JPY, wagula Nasdaq 100, wagula Bitcoin, wagulanso peso ya Mexico ndi masheya a ku Japan. Poyang'ana, ndi zinthu zisanu za kumakontinenti osiyana. Koma kwa zaka zambiri amalonda akuluakulu ankakongola yeni pa chiwongoladzanja chapafupifupi ziro n'kukagula zinthu zamtundu womwewu. Pa 31 Julayi 2024 Bank of Japan inakweza chiwongoladzanja kufika pa 0.25 peresenti, patapita masiku awiri malipoti a ntchito ku America anatuluka ofooka, yeni inalimba, ndipo okongola aja anathamangira kugulitsa zimene anagula kuti abweze yeni. Lolemba pa 5 Ogasiti Nikkei 225 inagwa ndi 12.4 peresenti, kugwa kwake kwakukulu kwa tsiku limodzi kuchokera mu 1987. USD/JPY, yomwe kumayambiriro kwa Julayi inayandikira 162, inatsika pansi pa 142. Bitcoin inagwera pansi pa madola 50,000 kwa kanthawi, peso inafooka, masheya a ku New York anagwanso. Banja limeneli silimangidwa ndi dzina la ndalama. Limamangidwa ndi mtima wa msika: anthu akalimba mtima zonse zimakwera, akachita mantha zonse zimagwa.

Wachinyamata angaganize kuti zimenezi zimagwera osaphunzira okha. Amve za Long-Term Capital Management. Kampaniyi inayamba malonda mu 1994 ku Greenwich, m'chigawo cha Connecticut, pansi pa John Meriwether, yemwe anatchuka ndi malonda a mabondi ku Salomon Brothers. Pakati pa eni ake panali Myron Scholes ndi Robert Merton, amene mu 1997 analandira mphoto ya Nobel pa zachuma. Kumayambiriro kwa 1998 inali ndi ndalama zakezake pafupifupi madola 4.7 biliyoni, koma inagwira katundu wa pafupifupi madola 125 biliyoni, wambiri wa ngongole. M'mabuku ake munali matiredi opitirira 60,000, omwazika dziko lonse: mabondi a ngongole za nyumba ku Denmark, mabondi a boma la Italy, masheya a Royal Dutch ndi a Shell, mabondi a ku Russia, makampani amene anali pafupi kugulidwa ndi anzawo ku America. Ziwerengero za zaka zam'mbuyo zinkaonetsa kuti zinthuzi sizikhudzana kwenikweni. Ndipo kunena zoona, ngongole ya nyumba ku Copenhagen ili ndi ubale wanji ndi masheya a kampani ya mafuta?

Ubale unalipo, koma unali m'maganizo amene anabala matiredi onsewo. Pafupifupi paliponse kampaniyi inkagula chinthu chotsikirako mtengo chifukwa n'chovuta kugulitsa msanga kapena anthu amachiopa pang'ono, n'kugulitsa chinzake chofanana nacho chimene chinali chodula chifukwa aliyense amachikhulupirira, podikira kuti mitengo iwiriyo iyandikane. Beti inali imodzi: msika ukhala wodekha ndipo mipata ichepa. Pa 17 Ogasiti 1998 boma la Russia linalephera kulipira ngongole zake zam'dziko n'kusiya ndalama yake kuti igwe. Amalonda padziko lonse anathawira ku zinthu zodalirika ndi zosavuta kugulitsa, zomwe zinali zenizeni zimene kampaniyi inagulitsa, n'kutaya zimene iyo inagwira. Mipata inakula paliponse nthawi imodzi. Pa 21 Ogasiti pokha inataya madola 553 miliyoni, ndipo mwezi wa Ogasiti unatha itataya 44 peresenti ya ndalama zake. Zimene inataya ku Russia kwenikweniko zinali gawo lochepa chabe.

Panalinso chinthu china chimene ziwerengero zakale sizikanaonetsa. Mabanki ndi makampani ena anali atatengera njira zomwezo, n'kugwira zinthu zomwezo. Aliyense atayamba kutaya, anagulitsa chilichonse chimene akanatha kugulitsa, ndipo mabondi a ku Denmark anayamba kuyendera limodzi ndi masheya a Shell pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti eni ake anali anthu omwewo ndipo onse ankafuna kutuluka pakhomo limodzi. Pa 23 Seputembala 1998, Federal Reserve Bank of New York itawasonkhanitsa, mabanki ndi makampani 14 anaika madola 3.6 biliyoni n'kutenga 90 peresenti ya thumba la ndalama la kampaniyi.

Choncho pambali pa kope ndi `CORREL` pafunika funso lachitatu, lofunsidwa ndi mawu wamba pa tiredi iliyonse: n'chiyani chiyenera kuchitika kuti iyi itaye ndalama? Yankho lilembedwe m'chiganizo chimodzi. Dola ikagwa. Chiwongoladzanja cha ku America chikatsika. Anthu akachita mantha n'kuthawa masheya. Mafuta akatsika mtengo. Matiredi onse amene yankho lawo ndi limodzi ndi banja limodzi, ngakhale nambala ya koreleshoni inene kuti 0.3, ndipo agawane thumba limodzi la 2 peresenti. Kalendala ya nkhani zachuma imathandiza pa funso lomweli: ngati lipoti limodzi la 3:30 masana lingagwedeze mizere yonse imene ili pafoni, mwini wake wadziwa kale chimene wagwira.

Pali zizindikiro zimene munthu angadzionere yekha m'mbiri ya akaunti yake. Ngati mizere yake imasanduka yabuluu yonse pamodzi n'kufiiranso yonse pamodzi, ndi mtolo. Ngati pa History nthawi zotsekera matiredi otayika zimagwera m'mphindi khumi zomwezo, ndi mtolo. Ngati tsiku lake loipitsitsa linamudyera kanayi kapena kasanu kuposa zimene amati amaika pa tiredi imodzi, lamulo lake la 1 peresenti lilipo pakamwa pokha.

Nkhaniyi sikuthera pa foreksi. Pa Malawi Stock Exchange pali makampani osakwana 20, ndipo asanu mwa iwo ndi a mabanki: National Bank of Malawi, Standard Bank, NBS Bank, FDH Bank ndi FMB Capital Holdings. Mtsikana amene wayamba ntchito n'kugula masheya a National Bank, NBS, FDH, NICO Holdings ndi Press Corporation angaganize kuti ali ndi mabanki atatu, kampani ya inshuwalansi ndi kampani ya malonda osiyanasiyana. Koma NICO Holdings ndiyo mwini wa gawo lalikulu la NBS Bank, ndipo Press Corporation ili ndi masheya opitirira theka a National Bank. Mabanki am'dziko muno amapeza gawo lalikulu la phindu lawo pokongoza boma, choncho chiwongoladzanja, kayendedwe ka ngongole za boma ndi mphamvu ya kwacha zimawakhudza onse nthawi imodzi. Sikuti makampaniwa ndi oipa. Nkhani ndi yakuti mayina asanu aja atsamira pa mzati umodzi, ndipo pa msika waung'ono ngati umenewu wogulitsa sapeza wogula tsiku lililonse, makamaka tsiku limene aliyense akufuna kugulitsa.

Malire amenewa ali ndi mtengo wake, ndipo wamkulu amene angabise zimenezo sakulangiza bwino. Lidzafika tsiku limene dola idzakwera monga momwe mnyamata uja anaganizira, mapeya onse asanu adzayenda, iye ali ndi awiri okha. Anzake adzatumiza zithunzi za mizere isanu, iye adzawerenga phindu limene walisiya, ndipo mtima udzamuuza kuti lamuloli ndi la amantha. Ngati akukhulupiriradi kuti maganizo ake pa dola ndi oyenera 5 peresenti ya akaunti, njira yoona ilipo: atsegule tiredi imodzi ya EUR/USD, alembe loti ya 0.10 ndi sitopu ya mapipsi 50, aone madola 50 atalembedwa pamalo amodzi, kenaka adine. Ambiri dzanja limakana pamenepo. Amene dzanja lake lakana pa tiredi imodzi ya madola 50 asatsegulenso isanu ya madola 10 pa dola yomweyo.